Posita ikabwera ndi mawu oti "Ikonzeni": phunziro la kapendedwe

Nthawi zambiri munthu amatumiza chithunzi cha posita pafoni ndi mawu amodzi: "Ikonzeni." Pempholi lili ndi mafunso atatu mkati mwake: mawu, kasanjidwe ndi mitundu. Mukawasakaniza, wopempha amakasintha mtundu wa zilembo, koma tsiku la mwambo likusowabe.

Tiyerekeze posita ya mpikisano wowerenga Qur'an. Pamwamba pali mayina a komiti, pakati chithunzi cha mzikiti, pansi alemba ndi zilembo zofiira papepala lobiriwira kuti "Loweruka ikatha Asr."

Yambani ndi mawu, chifukwa mawu akasintha, kasanjidwe kamasinthanso. Koperani zonse papepala lina ndipo funsani: chikuchitika n'chiyani, liti, kuti, woitanidwa ndani, polowa n'zingati? Apa "Loweruka" silikutiuza Loweruka liti. "Ikatha Asr" amaimva ndi Asilamu, koma nthawi ya Asr imasuntha ndi nyengo, ndipo mfumu kapena mnansi wachikhristu amene tamuitana afuna ola lenileni. Lembani zonse ziwiri. Deti ya Hijri ikhale pambali pa deti ya kalendala wamba, popeza mwezi wathu umadikira kuoneka kwa mwezi kumwamba. Mawu achiarabu awerengedwe ndi munthu wodziwa asanasindikizidwe, pakuti mapulogalamu ena amadula zilembo n'kuzitembenuza kuti ziyambire kumanzere. A komiti muganizirenso za ayah: posita yokhomedwa pamtengo imagwa ndi mvula n'kupondedwa. Ine ndimalangiza kuti ayah ikhale pa posita ya mkati mwa mzikiti yokha.

Kenako kasanjidwe. Apa musakhudze liwu lililonse, ingoonani kuti diso likuyambira pati. Dzina la mwambo likhale lalikulu, tsiku ndi malo zitsatire, mayina a komiti atsikire pansi ndi zilembo zing'onozing'ono. Chilembo chotalika masentimita 2.5 chimawerengeka bwino munthu ataima pa mamita 3, choncho khomani pepalalo pakhoma, bwererani mapazi anayi, muone chimene chasowa. Siyaninso malo m'mphepete, chifukwa makina a fotokope safika pamapeto pa pepala.

Mitundu ibwere pomaliza, ndipo muiweruze mosamala, popeza chithunzi chojambulidwa ndi getsi la m'nyumba chimanamiza maso. Funsani kaye ngati posita ikasindikizidwa ya mitundu kapena pa fotokope wamba. Chofiira ndi chobiriwira zikalowa mu fotokope zimatha kusanduka phulusa lofanana, ndiye "Loweruka" lija lamira. Sandutsani chithunzicho pafoni kukhala chakuda ndi choyera. Ngati mawu sakuoneka, ikani zilembo zakuda papepala loyera, chobiriwira chikhale cha m'mphepete.

Poyankha mnzanu, lembani timagawo titatu, ndipo m'gawo lililonse mutchule chinthu chenicheni choti asinthe, monga "onjezani deti ndi ola," osati "sizikukongola."