Mafunso ndi Mayankho: Nsanje Imene Imadzitcha Chikondi

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kwa mtsikana wa ku Ntcheu, amene dzina lake talisunga. Akuti: "Mnyamata amene anandifunsira mbeta amatenga foni yanga madzulo alionse n'kuwerenga mauthenga. Wandiletsa kupita ku kwaya, ndipo akuti ndalama za geni yanga ya mandasi azisunga ndi iye. Sanandimenyepo, ndipo chinkhoswe chayandikira. Anzanga akuti nsanje ndiye chikondi. Kodi n'zoona?" Mayi, mumuyankha bwanji?

MLANGIZI: Mwana wanga, anzakowo akusokeretsa. Mwamuna amene, chinkhoswe chisanachitike, wayamba kale kuwerenga mauthenga ako, wakuchotsa pakati pa anzako a kwaya amene akanaona nkhope yako ikagwa, nafunanso kuti ndalama ya thukuta lako ikhale m'thumba mwake kotero kuti ngakhale ya basi yopitira kwa mayi ako uzichita kupempha, ameneyo akutseka njira zako imodziimodzi, ndipo tsiku limene dzanja lake lidzakwezedwa udzapeza kuti ulibe kolowera. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Ukafuna kudziwa mtima wake, tayesa kumukaniza kanthu kakang'ono, masana, pamalo pamene pali anthu. Umuuze mofatsa kuti Loweruka upita ku kwaya. Munthu wokukonda angathe kunyinyirika, koma adzakulola; wofuna kukulamulira adzakusala masiku angapo, adzakunamizira chibwenzi, kapena adzalira nanena kuti ukamusiya adzipha, ndipo mawu amenewo, ngakhale amveke achisoni, ndi chingwe chokumangira. Ngati pamene ndikunena izi mtima wako wagunda ndi mantha, usayese n'komwe, pakuti manthawo ayankha kale funso lako. Uwauze amalume ako zonse, ndipo chinkhoswe chiyambe chaima.

WOULUTSA: Yachiwiri ndi ya mayi wa ana atatu wa ku Zomba. Akuti: "Amuna anga akhala akundimenya kwa zaka zambiri, ndipo mwezi watha anandikanyanga pakhosi mpaka ndinaona mdima. Ankhoswe akuti banja ndi kupirira. Ndikufuna kuwauza amuna angawo kuti ndikuchoka."

MLANGIZI: Mayi, ndikukupemphani ndi mtima wonse: musawauze. Kukanyanga pakhosi n'chizindikiro chakuti moyo wanu uli pachiswe, ndipo nthawi imene mkazi wanena kuti akuchoka ndiyo yoopsa koposa, chifukwa mwamuna wozolowera kulamulira, akaona kuti ulamuliro ukumupulumuka, amachita zimene sanachitepo. Ankhoswe ndimawalemekeza, ndipo ntchito yawo yoyanjanitsa anthu osemphana mawu ndi yaikulu. Koma kumenya ndi mlandu, ndipo mlandu wotere sauthetsera pamkeka.

Konzekani mwakachetechete. Chitupa chanu cha unzika, mabuku a kuchipatala anu ndi a ana, mankhwala ngati mumamwa, zovala pang'ono ndi kandalama ka ulendo, muzisungitse kwa munthu mmodzi wosunga chinsinsi, amene si mbale wa amuna anu. Mupangane naye chizindikiro, kaya mawu ena pa foni, kaya kumutumizira mwana kukapempha mchere usiku, kuti akaona zimenezo aitane anthu. Mkangano ukabuka musathawire kukhitchini kapena kumene kuli mipeni, makasu ndi zikwanje. Sunthirani kufupi ndi khomo lotulukira, ndipo anawo muwaphunzitse kuthamangira kwa aneba osati kuleretsa.

Za pakhosizo pitani kuchipatala ngakhale pasaoneke bala, makamaka ngati mawu asasa kapena mukuvutika kumeza, ndipo mufotokoze zoona kuti zilembedwe, pakuti zolembedwazo ndizo umboni. Ngati anakukakamizaninso kugona nawo ndipo mukuopa kachirombo ka HIV, mankhwala oteteza amathandiza akayambidwa pasanathe maola 72. Ku polisi funsani ofesi yothandiza ozunzidwa, ya Victim Support Unit. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la chaka cha 2006 limapatsa khoti la majisitireti mphamvu yolamula mwamuna kuti asakuyandikireni, ngakhalenso kuti atuluke m'nyumba inu ndi ana mutsale. Koma pepala la khoti silitseka chitseko, choncho masiku oyambawo mukhale kumene iye sakudziwa. Mungathenso kuimba mwaulere pa 5600, ndipo za ana pa 116; mukatha kuimba mufufute nambalayo m'foni.

Kwa inu ankhoswe, azibusa ndi aneba amene mukumvera: mayi akakugogoderani usiku, mutsegulireni, ndipo mwamuna wake akabwera kudzafunsa, musamuuze kumene ali.