Nsalu Yobiriwira Isanafike pa Kompyuta

Achinyamata inu amene mwayamba kujambula mavidiyo a zilengezo za kutchalitchi, maphunziro a Fomu 4 kapena nkhani za m'dera lanu, funso limene mumandifunsa kawirikawiri ndi lakuti pulogalamu yabwino yochotsera zakumbuyo kwa munthu ndi iti. Pulogalamu ilipo, ndipo ndi yaulere. OBS Studio imagwira pa Windows, pa Mac ndi pa Linux, ndipo Shotcut ndi Kdenlive nazonso salipira. Koma mwa mavidiyo oipa amene ndawaona, ambiri anaonongeka munthu asanatsegule n'komwe laputopu. Anaonongekera pansalu, pamagetsi ndi pamalo amene wolankhula anaima.

Muyambe mwadziwa chimene kompyuta imachita. Siidziwa kuti uyu ndi munthu, iyi ndi nsalu. Inu mumaipatsa mtundu umodzi, iyo n'kuyang'ana timadontho tonse ta chithunzi, ndipo kalikonse kofanana ndi mtunduwo imakaboola kuti chithunzi chapansi chionekere. Mtundu wobiriwira anausankha chifukwa uli kutali ndi khungu la munthu, kaya loyera kapena lakuda, komanso chifukwa m'makamera ambiri theka la timaso tolandira kuwala n'tamtundu wobiriwira, choncho mtunduwu umajambulika moyera kuposa ina. Ntchito yanu yonse ndi imodzi: nsalu ioneke mtundu umodzi kuchokera ngodya ina kufika ina, ndipo mtunduwo usapezeke paliponse pa wolankhula.

Nsalu igulidwe yobiriwira kowala, yosanyezimira. Ya thonje kapena yosakaniza ndi poliyesita koma yosawala ndiyo yabwino. Satini yokongoletsera pa zinkhoswe ija musiyane nayo, chifukwa babu ikaiwalira imachita zigamba zoyera zimene kompyuta siziwerenga ngati zobiriwira. Yobiriwira moderapo ngati yunifolomu ya asilikali nayonso njovuta, imayandikira kwambiri mithunzi ndi zovala zakuda. Mukaigula isiteni, muikoke ndi mapegi kumbali zonse mpaka iume gwa. Khwinya lililonse limabala kamthunzi, ndipo kamthunzi ndi mtundu wina wobiriwira. Ngati telala walumikiza zidutswa ziwiri, msoko ugwere kumbuyo kwenikweni kwa wolankhula kapena kunja kwa chithunzi.

Tsono tiyeni titenge chipinda cha mamita anayi m'litali, mphunzitsi akufuna kuoneka kuyambira m'chiuno kupita kumutu, kumbuyo kwake kukhale mapu a Nyanja ya Malawi. Chimene aliyense amathamangira ndi kumuimika pafupi ndi nsalu, poti nsaluyo njaing'ono. Apa pamabadwa mavuto awiri. Mthunzi wake umagwera pansalu, ndipo nsaluyo imabwezera kuwala kobiriwira m'khosi, m'makutu ndi m'mapewa mwake. Mutalikitseni mita imodzi ndi theka, kapena awiri ngati malo alola.

Kutalikitsako kuli ndi mtengo wake, ndipo ndi masamu osavuta. Kamera ikakhala mamita awiri kuchokera kwa mphunzitsi, mphunzitsi mamita awiri kuchokera kunsalu, ndiye kuti nsalu ili kutali kawiri. Ngati pamene waima mphunzitsi kamera ikuona mita 1.2 m'lifupi, pansalu ikuona mamita 2.4. Nsalu ya mita imodzi ndi theka siikwana, khoma lionekera mbali zonse. Musamubwezere kumbuyo munthuyo. Nsalu ikungofunika kukwanira pamene thupi ndi manja ake zifika, zotsalazo mudzazidula mu pulogalamu. Mu OBS mukagwira batani la `Alt` n'kukoka m'mphepete mwa chithunzi, khoma lija limadulidwa. Mungomuuza mphunzitsiyo kuti dzanja likapitirira malire a nsalu lidzaduka, ndipo muike tepi pansi pamene ayenera kuponda.

Nkhani ya kuwala ndiyo ndikufuna tikhalitsepo. Nsalu ikhale ndi magetsi ake, munthu akhale ndi ake. Mababu awiri ofanana, a mtundu umodzi ndi mphamvu imodzi, muwaike ina kumanzere ina kumanja, iliyonse ikuwalira nsalu chopendeketsa, ndipo akhale kumbali kapena kumbuyo pang'ono kwa wolankhula kuti asamuwalire iye. Babu ikayandikira kwambiri imapanga chibwalo chowala pakati, m'ngodya muli mdima. Italikitseni, kapena muike nsalu yoyera yopyapyala patsogolo pake, motalikirako kuopa moto. Musasakanize babu yachikasu ndi yoyera, pakuti mbali imodzi ya nsalu idzaoneka yachikasu, ina yabuluu. Kuti mudziwe ngati zalongosoka, jambulani nsaluyo ndi foni, chithunzicho muchisandutse chakuda ndi choyera. Maso amanyengedwa ndi mtundu, koma chithunzi chotere chimaonetsa poyera pamene pali mdima.

Amene mulibe mababu, kapena magetsi athima, musadandaule. Khonde lamthunzi m'mawa, kapena tsiku la mitambo, limapereka kuwala kofanana kuposa mababu otchipa. Chovuta chake ndi mphepo yogwedeza nsalu ndi dzuwa losinthasintha, ndiye mujambule mwachangu.

Pali chinthu china chimene maphunziro ambiri a pa intaneti sachitchula, poti amajambula anthu a khungu loyera. Wolankhula wa khungu lakuda akapanda kuwaliridwa mokwanira, wojambula amakweza kuwala kwa kamera kuti nkhope ioneke, ndipo nsalu imawala mopitirira mpaka kuyererako, ubiriwiri wake n'kuchepa. Mankhwala ake ndi kuwonjezera kuwala pankhope, osati kukweza kamera. Komanso khungu lodzola mafuta ambiri limanyezimira, n'kumabweza ubiriwiri wa nsalu m'mphepete mwa masaya ndi pamutu wometa. Kansalu kopukutira kapena paudala pang'ono kamathandiza kuposa batani lililonse. Zovala nazo muziyang'ane munthu asanakhale pansi: chitenje cha masamba obiriwira chidzabooka, ndipo baji ya mbendera yathu idzataya mzere wake wapansi. Wovala zotere musinthireni nsalu yabuluu, pulogalamu imalolanso.

Kamera muimange manja. Ikasiyidwa kuti izisankha yokha kuwala ndi mtundu, mphunzitsi akangokweza pepala loyera, chithunzi chonse chimada, nsalu imasintha mtundu, ndipo zonse munakonza zija zimasokonekera pakati pa phunziro. Pa foni zambiri mukadina pankhope osachotsa chala, kuwala kumakhazikika. Ngati kamera yanu imalola kusankha liwiro la chitseko chake, sankhani 1/50 kapena 1/100, chifukwa magetsi athu amayenda maulendo 50 pa sekondi ndipo manambala ena angachititse chithunzi kuthwanima. Kwa munthu wolankhula ndi manja kwambiri 1/100 ndiye wabwino, pakuti dzanja lothamanga likachita chimbuuzi limasakanikirana ndi ubiriwiri ndipo silidulika bwino. Koma liwiro limenelo limafuna kuwala kochuluka. Ndipo chonde, vidiyo ichoke pafoni kupita pa laputopu kudzera pa chingwe. Mukaitumiza pa WhatsApp mwachizolowezi imafinyidwa, ndipo m'mphepete mwa munthu mumasanduka timabokosi. Ngakhale vidiyo isanafinyidwe, makamera ambiri amasunga mtundu mosalongosoka kwenikweni poyerekeza ndi kuwala, ndiye palibe chotsala choti mutaye.

Mukafika pa OBS ntchito yatsala pang'ono. Pa `Sources` muike kamera kapena vidiyo yanu, mudine kumanja, musankhe `Filters`, kenako pansi pa `Effect Filters` muwonjezere `Chroma Key`. Mapu aja akhale pansi pa kamera pamndandanda, chifukwa chimene chili pamwamba ndicho chimaoneka patsogolo. Koma musayambe ndi mapu. Chithunzi chodzaza zinthu chimabisa zolakwika. Yambani mwaika `Color Source` ya mtundu wolasa maso, monga pinki, ndipo kabowo kalikonse pa malaya a mphunzitsi kadzaonekera pompo.

Mudzapeza manambala atatu ofunika. `Similarity` imayambira pa 400, ndipo imanena kuti mtundu ufanane motani ndi wa nsalu kuti uchotsedwe. `Smoothness` imayambira pa 80, imafewetsa m'mphepete. `Key Color Spill Reduction` imayambira pa 100, imachepetsa ubiriwiri wotsalira pa munthu. Poti nsalu ya kumsika kawirikawiri siifanana ndi ubiriwiri umene pulogalamu imayembekezera, pa `Key Color Type` ndi bwino kusankha `Custom` n'kutenga mtundu wa nsalu yanu yeniyeni, pafupi ndi phewa la wolankhula, osati pamalo owala kwambiri. Mukasintha mtundu chonchi 400 uja angakhale wochuluka, ndiye mutsitse `Similarity` mpaka nsalu ionekenso, kenako muikweze pang'onopang'ono, ndipo nsalu ikangozimiririka muime pomwepo.

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Pakona yapansi patsala kachigamba kakuda, munthu n'kumakankhabe nambala kuti kachoke. Kamachokadi, koma nthawi yomweyo tsitsi la mphunzitsi ladyeka, malaya ake otuwa ayamba kuonetsa nyanja. Kuli ngati kuthira mchere wambiri kuti ubise ndiwo zopserera. Kachigambako ndi mthunzi, ndipo mthunzi sathetsa ndi nambala. Dzukani, sunthani babu, kapena dulani konayo ngati dzanja silifikako.

Zolakwika zimadziulula zokha mukadziwa kuziwerenga. M'mphepete mukanyerenyesa ngati nyerere zikuyenda, kuwala kwachepa ndipo kamera ikudzaza chithunzi ndi timchenga. Mzere wobiriwira wozungulira mutu ukutanthauza kuti munthu wayandikira nsalu. Nkhope ikasanduka yotuwa modwala, mwapitiriza `Key Color Spill Reduction`. Munthu akaoneka ngati wodulidwa ndi sizasi, `Smoothness` yachepa, ndipo akaonekera mkati ngati mzukwa, yachuluka. Tsitsi lotakasuka ndi mawigi a tingwe topyapyala ndizo zimavuta koposa, ndipo kababu kakang'ono kowalira mutu kuchokera kumbuyo ndi pamwamba kamathandiza kulilekanitsa ndi nsalu.

Chithunzi chakumbuyo musankhe mwanzeru. Mapu, mawu a phunziro kapena khoma losalala sizinamiza aliyense, ndiye sizivuta. Koma mukaimika munthu wowaliridwa ndi babu ya m'chipinda patsogolo pa phiri la Mulanje dzuwa lili phwee, aliyense aona kuti n'zomata. Ngati mukufunadi malo enieni, kuwala kwa m'chithunzicho kuchokere mbali imene kukuchokera pankhope, ndipo chikhale chosaoneka bwino pang'ono, monga zimakhalira zinthu zakutali pa kamera.

Tsiku lojambula, musanaitane wolankhula kuti ayambe, jambulani masekondi makumi awiri akugwedeza mutu ndi manja, muyese pa laputopu pomwepo mababu akadali m'malo mwake. Mukakadziwira kunyumba kuti nsalu inali ndi mthunzi, palibe pulogalamu, yaulere kapena yolipira, imene idzakukonzereni mosavuta, ndipo mudzayenera kumuitananso munthuyo.