Sewero la Munthu Mmodzi

M'masewero ena a kanema mumakhala mtengambali mmodzi yekha. Iye amayankhula payekha, ndipo oonerera amamva zimene zili mumtima mwake. Sewero lotere limakoma pamene munthuyo waima pamphambano, njira zonse ziwiri zili ndi zabwino ndi zowawa zake. Njira imodzi ikakhala yosavuta kusankha, oonerera amadziwiratu mathero, ndipo chidwi chimawathera.

Mlembi amayamba ndi kutchula malo ndi nthawi. Kenaka amalemba m'mikutiramawu zimene oonerera adzaone, ndipo pomaliza amalemba mawu a mtengambali. Kawirikawiri tsamba limodzi la sewero limatenga mphindi imodzi pa kanema. Nachi chitsanzo.

MALO: Doko la Kachulu, kunyanja ya Chilwa, m'boma la Zomba.
NTHAWI: Mbandakucha, m'chaka cha 1995, nyanja itaphwa.

(Mavuto wakhala pa bwato limene lili pamatope ouma. Pambali pake pali kachikwama. M'manja mwake muli nkhafi ya malemu bambo ake.)

MAVUTO: Bambo, nyanja mudandisiyira ija yathawa. Matemba kulibe, ndipo makoka akudyedwa ndi makoswe. Amalume andiitana ku Limbe, akuti kuli ntchito yolondera sitolo. Nanga amayi, amene maso awo achita khungu, adzawatsogolera ndani? (Asisita nkhafi.) Munkanena kuti mu 1968 nyanja idaphwanso, inu simudachoke, ndipo madzi adabwerera. Komatu nkhokwe yanu idali ndi chimanga. Yanga mulibe ngakhale chitsononkho. Ndikakhala, tonse tigona ndi njala. Ndikapita, amayi adzadya, koma adzadya okha. (Galimoto ilira kumsewu. Mavuto aimirira, azika nkhafi m'matope, natola chikwama.) Nkhafi iyi indidikire pomwepa.

M'seweroli mlembi wachita zinthu zitatu. Choyamba, wampatsa Mavuto munthu womuyankhula, ndiye malemu bambo ake, kuti mawu ake asamveke ngati nkhani yowerenga pawailesi. Chachiwiri, waika kulira kwa galimoto kuti Mavuto asankhe msanga. Chachitatu, Mavuto sakunena kuti, "Ndikupita." Chikwama ndicho chikutiuza kuti wanyamuka, ndipo nkhafi ikutiuza kuti akufuna kudzabwerera.

Alembi ongoyamba kumene amalakwitsa poika zonse m'mawu. Pofuna kuyesa sewero lake, mlembi aphimbe mawu onse a mtengambali, nawerenge zam'mikutiramawu zokha. Ngati sizikuonetsa chimene munthuyo wasankha, seweroli silinapse.

MAFUNSO
1. Kodi Mavuto akuyankhula ndi yani?
2. Tchulani chifukwa chimodzi chomukakamiza kupita ndi china chomuletsa.
3. Kodi kuzika nkhafi m'matope kukutanthauza chiyani?
4. Lembani mathero ena oonetsa kuti Mavuto watsala, koma asanene kuti, "Sindipita."