Kodi mavariyansi ndiwataye kuti mwezi ukatha?

Funso: Ndine kalaliki wa maakaunti pafakitale ina yopanga chiponde ku Lilongwe. Timalemba katundu pamtengo woikika, uja timati sitandadi. Mwezi ukatha, maakaunti a variyansi amatsala ndi ndalama, ndipo abwana anga amati ndizingoponya zonse ku mtengo wa zogulitsidwa. Kodi n'kulondola? Wodabwa, Lilongwe

Yankho: Abwana anu akulondola miyezi ina, koma osati yonse. Kuti muone pamene asiyanira ndi lamulo, tiyeni titsatire mtedza kuchokera pachipata mpaka m'botolo. Manambalawa ndi ongoyerekeza.

Tinene kuti sitandadi yanu imati botolo limodzi limadya theka la kilogalamu, ndipo kilogalamu ndi K2,000. Mwezi uno mwagula makilogalamu 1,000 pangongole, koma pa K2,200. Mujenolo, akaunti ya zipangizo ilandira debiti ya K2,000,000 yokha, chifukwa sitoko imalowa pa sitandadi. Wogulitsa uja mumupatsa kirediti ya K2,200,000, poti ndizo adzafune. K200,000 yotsalayo ndi debiti ku variyansi ya mtengo. Variyansi ikagwa ku debiti ndiye kuti mwaluza. Ikagwa ku kirediti mwapulumutsa.

Kenaka mwapanga mabotolo 1,600. Anayenera kudya makilogalamu 800, koma mapepala a kusitolo akuonetsa kuti kunatuluka 850. Akaunti ya katundu amene ali mkati mopangidwa ilandira debiti ya K1,600,000, zipangizo kirediti ya K1,700,000, ndipo K100,000 ya makilogalamu 50 owonjezerawo ndi debiti ku variyansi ya kagwiritsidwe. Apa ambiri amaphonya poika 850 yonse m'katundu wopangidwa, n'kubisa mtedza wotayika m'mabotolo. Malipiro a antchito amalembedwa mwanjira yomweyi. Mabotolo akatha amasamukira ku katundu wotha, akagulidwa amapita ku mtengo wa zogulitsidwa, ponseponse pa sitandadi.

Tsopano mwezi watha, mwatsala ndi madebiti awiri, K200,000 ndi K100,000. Zikanakhala ndalama zochepa poyerekeza ndi ntchito yonse, njira ya abwana anu ndi yokwanira: debiti K300,000 ku mtengo wa zogulitsidwa, kirediti ku mavariyansi awiriwo, atsale opanda kanthu. Koma lamulo la IAS 2, limene limaongolera kalembedwe ka sitoko, limalola sitandadi pokhapokha ngati ili pafupi ndi mtengo weniweni. Mtedza wanu wakwera ndi 10 peresenti, ndipo wina sunagulitsidwe. Mukaponya zonse kumodzi, phindu la mwezi uno lichepa kuposa choonadi, sitoko ioneka yotchipa, ndipo mwezi wamawa uoneka wokoma popanda chifukwa.

Choncho K200,000 ija igawidwe potsata kumene mtedza uli. Pa kilogalamu iliyonse pakugwa K200. M'sitolo mwatsala makilogalamu 150, ndiye K30,000 ibwerere ku zipangizo. Tinene kuti mwagulitsa mabotolo 1,200, ndipo 400 akadali pashelefu. Amenewo ali ndi makilogalamu 200, ndiye K40,000 ipite ku katundu wotha. Ogulitsidwawo ali ndi makilogalamu 600, kutanthauza K120,000 ku mtengo wa zogulitsidwa. K10,000 yomaliza ndi ya makilogalamu 50 otayika aja. Kukanakhala chiponde chosamalizidwa m'madiramu, nachonso chikanatenga gawo lake.

Variyansi ya kagwiritsidwe musaigawe msanga. Pitani kaye mukafunse amene amasankha ndi kukazinga. Ngati matumba ananyowa n'kuchita nguwi, kapena chiwaya chinapsereza, kumeneko n'kuonongeka kopyola muyeso, ndipo IAS 2 imakana kukulowetsa mumtengo wa sitoko. K100,000 yonse, pamodzi ndi K10,000 ija, igwere mwezi uno. Ine ndimalimbikira pamenepa, chifukwa kugawira mtedza woola ku mabotolo abwino n'kunamiza mwini fakitale kuti chuma chake chilipo pamene chinatayidwa kudzala. Koma ngati makilogalamu 50 amenewa amatuluka mwezi ndi mwezi popanda ngozi, ndiye kuti sitandadi ya theka la kilogalamu ndi yopereŵera. Gawani variyansiyo ndipo mukonze sitandadiyo.

Ngati kunali kuonongeka kopyola muyeso, cholemba chotsekera chikhala chotere: debiti K30,000 ku zipangizo, K40,000 ku katundu wotha, K230,000 ku mtengo wa zogulitsidwa, kirediti K200,000 ndi K100,000 ku mavariyansi. Mbali zonse zikwane K300,000. Onaninso kuti botolo lotsala, limene tsopano lakwera ndi K100, silikuposa ndalama imene mungapeze poligulitsa.

Musanatseke, sindikizani lipoti la mavariyansi mupatse abwana, poti akatsekedwa saonekanso paokha. Ndipo mukaona variyansi ya mtengo ikugwa ku debiti miyezi yotsatizana, monga zinachitikira ambiri kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, apempheni kuti K2,000 ija isinthidwe, osadikira kutha kwa chaka.