Kusintha kwa Msambo Mayi Akayamba Njira Yolera: Chimene Chimachitika M'thupi

Chimodzi mwa zifukwa zimene amayi amasiyira njira zolera ndi kusintha kwa msambo. Wina amadontha magazi masiku osayembekezereka, wina amasiya kusamba, ndipo mphekesera imafala yakuti magaziwo akuunjikana m'mimba. Kwa ife okhala m'munsi mwa mapiri a Mafinga, kumene ulendo wa ku chipatala cha Chisenga kapena ku chipatala chachikulu cha Chitipa si wapafupi, n'kofunika kudziwa kusintha kumene kuli kwachibadwa ndi kumene kukufunika dokotala.

Choyamba timvetse gwero la msambo. Mwezi uliwonse mahomoni, amene ndi timadzi tolamulira ntchito za thupi, amachititsa kuti khungu la mkati mwa chiberekero likhuthale pokonzekera mimba. Dzira likapanda kukumana ndi mbewu ya abambo, mahomoniwo amatsika, khungu lija limayoyoka n'kutuluka pamodzi ndi magazi. Msambo ndi umenewo. Si magazi oipa amene thupi likutaya.

Mapiritsi, jakisoni ndi impulanti yoika pamkono zonse zili ndi homoni yotchedwa purojesitini. Homoniyi imalimbitsa chikazi cha pakhomo la chiberekero kuti umuna usadutse, kawirikawiri imaletsanso dzira kukhwima, ndipo imapepukitsa khungu la m'chiberekero lija. Khungu lopyapyala limakhala ndi timitsempha tosachedwa kusweka, n'chifukwa chake miyezi yoyamba mayi amadontha magazi. Likapepukiratu, sipakhalanso choti chiyoyoke, ndipo msambo umaleka. Palibe magazi amene akusungika paliponse, monga momwe sasungikira mwa mayi woyamwitsa amene sanayambenso kusamba.

Mapiritsi ambiri ali ndi homoni yachiwiri, esitirojeni, imene imagwiriziza khungulo. Paketi imakhala ndi mapiritsi 21 a mahomoni ndi 7 akhofi opanda mahomoni. Mayi amasamba pamene akumwa akhofiwo, ndipo msambo umakhala wochepa, wobwera pa nthawi yake. Kudontha pakati pa mwezi kumachitika m'miyezi itatu yoyamba, kapena akamaiwala kumwa. Impulanti, kaya ndi Jadele wa zaka 5 kapena Impulanoni wa zaka 3, ilibe esitirojeni, choncho msambo wake sulondoleka: ena amadontha pafupipafupi, ena patalipatali, ena amalekeratu.

Tione chitsanzo cha jakisoni wa Depo, amene amabayidwa masabata 13 aliwonse. Tiyerekeze kuti mayi wabayitsa pa 1 Marichi. Mu Epulo akudontha masiku angapo, kuleka, n'kuyambanso. Apa palibe choopsa, khungu likupepuka. Tsiku lake lobwerera ndi 31 Meyi, kenako 30 Ogasiti ndi 29 Novembala. Pofika kumapeto a chaka msambo waleka, monga zimachitikira pafupifupi theka la amayi amene abayitsa kwa chaka chathunthu. Ngati sanaphonye tsiku, mwayi wakuti ndi mimba ndi wochepa kwambiri. Koma akanachedwa kupitirira masabata anayi, mwachitsanzo osabwera mpaka kudutsa 28 Juni, kusasambako kukanafunika kuyezetsa mimba asanabayitsenso. Akadzasiya jakisoni, msambo ndi kubereka zimabwerera, ngakhale zimachedwerapo miyezi ingapo poyerekeza ndi njira zina, chifukwa mankhwala amatha pang'onopang'ono m'thupi. Jakisoni sachititsa kusabereka.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira. Pitani kuchipatala ngati magazi akutuluka kuwirikiza kawiri muyezo wanu wa nthawi zonse kapena apitirira masiku 8, ngati mukumva chizungulire ndi kufooka, ngati magazi akutuluka mukatha kukhala malo amodzi ndi abambo, ngati ayamba mwadzidzidzi mutakhala miyezi yambiri osasamba, kapena ngati pali kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba, kutentha thupi ndi chikazi chonunkha. Zotere zikhoza kuchokera ku matenda opatsirana pogonana, mimba yokhala kunja kwa chiberekero kapena khansa ya khomo la chiberekero, osati ku njira yolera. Amene akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu kapena a khunyu auze achipatala, pakuti ena mwa mankhwalawa amafooketsa mapiritsi ndi impulanti.

Kudontha kukafika potopetsa, chithandizo chilipo. Achipatala angapereke mankhwala a masiku asanu ochepetsa magazi, mapiritsi olera kwa kanthawi kwa amene ali oyenera, ndi mapiritsi owonjezera magazi. Zikakanika, mayi ali ndi ufulu wochotsetsa impulanti kapena kusintha njira. Lembani masiku amene mwataya magazi m'buku lanu la kuchipatala, ndipo musonyeze mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu musanaganize zosiya, chifukwa mayi akasiya mapiritsi kapena kuchotsetsa impulanti akhoza kutenga mimba mwezi womwewo.