Kodi chuma chikagwedezeka chimabwerera m'njira yake?

Tiyerekeze kuti mtengo wa katundu wadumpha mwadzidzidzi. Ngati mwezi uliwonse pakutsala magawo 95 pa 100 a kudumphako, pofika mwezi wa 14 theka limakhala litazilala. Koma ngati pakutsala magawo onse 100, mtengo subwereranso mwakale, ndipo apa ndi pamene akatswiri amati pali yuniti ruti. Mayeso amene David Dickey ndi Wayne Fuller anafalitsa mu 1979 amayamba ndi ganizo lakuti yuniti ruti ilipo, kenako amafufuza umboni wolitsutsa. Choncho umboniwo ukasowa, sitinganene kuti ganizolo latsimikizika.

Yankho limadaliranso zimene woyesa wasankha asanayambe. Choyamba, kodi manambalawo amazungulira pa mlingo umodzi, kapena amakwera chaka ndi chaka motsata mzere, womwe amautcha tirendi? Mayeso amatulutsa nambala imodzi yoti tiiyerekeze ndi malire. Pa mlingo wa 5 peresenti, manambala akakhala ochuluka, malirewo ndi -2.86 popanda tirendi, ndi -3.41 tirendi ikaikidwa. Ndiye -3.10 imatsutsa yuniti ruti pa malire oyamba, koma pa achiwiri siikwana. Mukaisiya tirendi pomwe ilipo, mayeso amakuona kukwerako ngati yuniti ruti. Mukaiika pomwe palibe, mwangodzitalikitsira malire. N'chifukwa chake galafu iyenera kujambulidwa kaye. Chachiwiri ndi malagi, kapena kuti kusintha kwa miyezi yam'mbuyo kumene timakuwerengera pamodzi. Akachepa, malire aja sadalirikanso. Akachuluka, mayeso amafooka. Njira imene ambiri amatsata ndi kuyamba ndi malagi 12 pa manambala 100, n'kumachotsa lomaliza limodzilimodzi mpaka lotsala kumapetolo lioneke kuti lili ndi ntchito. Mu Stata, tikakhazikika pa malagi 4 ndi tirendi, timayamba talozera nthawi ndi tsset, kenako timalemba chonchi:

```
dfuller y, lags(4) trend
```

Ngakhale zonsezi zitasankhidwa bwino, mayesowa amavutika kusiyanitsa 95 ndi 100. Mu 1982, Charles Nelson ndi Charles Plosser anayesa mindandanda 14 ya chuma cha Amereka, ndipo pa 13 analephera kutsutsa yuniti ruti. Koma mu 1989 Pierre Perron atalola kuti mzere uthyoke pa kugwa kwa chuma kwa 1929, anaitsutsa pa yambiri mwa mindandandayo. Manambala anali omwewo.

Wina anganene kuti mankhwala ake ndi kuchulukitsa manambala, kutenga a mwezi ndi mwezi m'malo mwa a pachaka. Izi zimathandiza pang'ono chabe, poti chofunika ndi kutalika kwa zaka: mtengo wobwerera mwaulesi sungaoneke ukubwerera m'zaka khumi, ngakhale mutauwerenga tsiku ndi tsiku. Winanso angati bwanji osangowataya mayesowo. Kumeneko n'kupyola malire, chifukwa akatsutsa yuniti ruti, umboni wake umakhala wolemera. Pamene alephera m'pofunika kuonjeza mayeso a KPSS a 1992, omwe amayamba ndi ganizo lakuti mtengo umabwerera. Onse awiri akalephera kutsutsa, lipoti linene poyera kuti zaka zimene zilipo n'zochepa kuti zigamule nkhaniyi.