Ndalama yapita, mayunitsi sanabwere

Azakhali,
Lachisanu madzulo ndinagula mayunitsi a magetsi a K10,000 pafoni. Ndalama inachoka koma uthenga wa tokeni sunabwere. Ndinagulanso, nayonso inapita. Tinagona mumdima, ndipo mayi a kunyumba akuti ndalamayo ndinamwera. Nditani?
Wamumdima, Ndirande

Mwana wa mchimwene wanga,
Ndiye foni itangoti zii, iwe unaona kuti mankhwala ake n'kuipatsanso K10,000 ina? Mtima wopatsa woterewu bwenzi ukuuonetsa kwa azakhali akowa.

Ukadina foni kamodzi, kuseriko kumagwiridwa ntchito zitatu motsatizana. A kampani ya foni amachotsa ndalama, makina ogulitsa magetsi amapanga tokeni ya manambala 20, kenako uthenga umatumizidwa kwa iwe. Ziwiri zoyambazo zikhoza kutheka bwinobwino, yachitatu yokha n'kukanika. Ndiye kusabwera kwa uthenga si umboni woti sunagule.

Yamba ndi kafoni kako ka mabataniko. Kakadzaza mauthenga, atsopano salowa. Fufuta akale (ena aja sindifunsa kuti ngochokera kwa yani), ukazimitse n'kukayatsanso. Kenako ona ndalama yotsala ndi mndandanda wa zomwe walipira posachedwa. Malipiro aliwonse amakhala ndi nambala yakeyake. Ulembe papepala nambala zonse ziwiri, nthawi imene unagula ndi nambala ya mita. Pepalalo uwaonetsenso apongozi angawo kuti mlandu wa mowa uthe.

Ukatero imbira a kampani ya foni. Usakayambe ndi kulalata kuti akubera, wolandira foniyo sangachite nako kanthu kukalipa. Uwawerengere nambala yoyamba n'kufunsa kuti, "Kodi pa malipiro awa tokeni inatuluka?" Uchitenso chimodzimodzi ndi yachiwiri, chifukwa iliyonse ili ndi nkhani yake.

Akati inatuluka, ndalama yako sinatayike, koma usayembekezere kuti aibweza poti katundu unagula. Uwapemphe atumizenso uthengawo, kapena upite ku ofesi ya magetsi ndi nambala ya mita akakuonere. Tokeni imagwira pa mita imene inagulidwira basi, ndipo imalowa kamodzi, choncho palibe angakudyere. Ngati zinatuluka zonse ziwiri, ulowetse zonse. Magetsi ukhala nawo ambiri, ya ndiwo ndiye uionera kwina.

Akati sinatuluke, ndiye kuti ndalamayo yaima panjira. Apa uwauze alembe dandaulo, akupatse nambala yake, akuuzenso tsiku loti ufunsenso. Mwina amalizitsa kugulako, mwina abweza ndalamayo mufoni. Ngati mdima wakukwana, gula a K2,000 kwa ogulitsa ena amene amapereka lisiti ya pepala, koma pafonipo usadinenso mpaka wadziwa kumene ziwiri zija zathera.

Azakhali